Maimelo anga sakutsegulidwa, a mnzanga akuyankhidwa. Vuto ndi mutu wa imelo?

Wasola_BT: Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandizungulira. Timagulitsa sola, mainvata ndi mabatire kumaloji a kunyanja, Mangochi, Salima mpaka Nkhata Bay. Ndatumiza maimelo 120 kwa mamanejala osandidziwa, mutu wake "Sola ya 5kVA ya maloji, mtengo wotsika". Wayankha mmodzi, nayenso woti ndimuchotse pamndandanda. Mnzanga wa desiki yomweyi watumiza 60, mawu a mkati omwewo, mutu wake "mafiriji anu magetsi akathima usiku", ali kale ndi makoteshoni anayi. SPF ndi DKIM, zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kukampani yathu, zili bwino, sitikugwera mu Spam. Bwana akufuna lipoti Lachisanu. Chikuchitika n'chiyani?

Mdala_wa_Limbe: Musasinthe kanthu achimwene. Wofuna sola akaona mawu oti sola atsegula. Wosatsegulayo sanali wogula.

NaPhiri_Malonda: A Mdala, zimenezo zimatheka kwa munthu amene akusaka kale sola. Uyu sakukudziwani, sanapemphe kanthu. Mutu wanuwo achimwene wamaliza nkhani yonse pakhomo: katundu ndi uyu, ndikugulitsa. Manejala amangoti "jenereta tili nayo" n'kufufuta, osatsegula. Mwamupatsa zonse zofunika kuti akane.

Wa mnzanuyo watchula chinthu cha manejalayo, mafiriji ake, n'kusiya funso lili lende. Katswiri wa zachuma ndi maganizo a anthu George Loewenstein analemba mu 1994 kuti chidwi chimabwera munthu akaona mpata pakati pa zomwe akudziwa ndi zomwe akufuna kudziwa. Koma ayambe wadziwako kena kake. Manejala amadziwa kuti chambo chinamuwonongekerapo mufiriji, sakudziwa chomwe inu mukufuna kunenapo. Mukalemba "tangoganizani!" palibe chomwe mwakhudza, ameneyo satsegula.

Chinanso, kamutu kafupi kopanda mtengo kamaoneka ngati kachokera kwa munthu, pomwe "5kVA" ndi "mtengo wotsika" n'chikwangwani cha pamsewu.

Chikondi_Area47: Ine maimelo ndinasiya. Pezani nambala ya manejala muponye pa WhatsApp, amayankha pompo.

Wasola_BT: Asisi nambala ndilibe, n'chifukwa chake ndili pa imelo.

Kamba_Anga: Chenjerani nacho chidwichi. Ndili kukampani ina yosindikiza mabuku tinkayamba mutu ndi "Re:" ngati tinalankhulana kale. Ankatsegula inde. Tsiku lina mayi wina wa pasukulu ina anaimba foni, anandikalipira mpaka khutu kutentha, akuti anataya nthawi kusaka kalata yoyamba yomwe kulibe. Oda ya makalendala inapita kwina. Ena sakuimbira, amangodina Report spam, ndipo Google imati madandaulo otere asafike 0.3% ya maimelo anu. Mukapyola, ngakhale ma invoisi a kampani ayamba kusowa.

Mdala_wa_Limbe: Mwamva? Ndi zomwe ndikunena. Nenani chomwe mukugulitsa basi. Zaka zonsezi ndagulitsa matayala osabisa kuti ndi matayala.

NaPhiri_Malonda: "Re:" yabodza ndi bodza, a Mdala, ku Amereka lamulo la CAN-SPAM la 2003 limaletsa mitu yonamiza. Mutu wa mafiriji sunanamize munthu, bola chiganizo choyamba chikhale cha mafirijiwo: akudya dizilo wochuluka bwanji usiku umodzi, batire ingawanyamule maola angati. Mukatsegula ndi "kampani yathu inakhazikitsidwa chaka chakuti" mwamupusitsa, ndipo imelo yachiwiri saitsegulanso.

Gift_wa_Data: Funso langa, mukudziwa bwanji kuti sakutsegula? Kuyambira 2021 Apple Mail imakoka yokha kachithunzi kobisika mu imelo kowerengera otsegula kaja, ndiye wa iPhone amaoneka ngati watsegula pomwe sanagwire n'komwe. Werengani mayankho okha. Komanso anayi pa 60 ndi ochepa kuti mugamule. Mndandanda wanu ndi wa mnzanuyo ndi umodzi? Ngati iye akulembera munthu ndi dzina lake inu mukuponya ku info@, mutu ulibe mlandu. Gawani mndandanda umodzi pawiri, tsiku limodzi, adiresi yotumizira imodzi, musinthe mutu wokha.

Wasola_BT: Mmm. Theka la anga ndi info@ ndithu. Ake anawatola kuchionetsero cha malonda ku Chichiri.

Kamba_Anga: Ndiye ena mwa iwowo anamuonapo nkhope, si achilendo kwenikweni.

NaPhiri_Malonda: Apo zasintha pang'ono. Ku info@ amatsegula wa pa risepishoni, ndipo iyeyo amafuna adziwe woti amupatsire. Kumeneko mutu wolunjika ukhoza kuthandiza, monga "kwa oyang'anira jenereta". Uyikeninso mawu ofunika kumayambiriro, pafoni mutu wautali umaduka.

Mdala_wa_Limbe: Mwafika pomwe ndinayambira. Wolunjika.

NaPhiri_Malonda: Ku info@ kokha, a Mdala.

Mdala_wa_Limbe: Kulikonse mayi. Wotsegula chifukwa cha chidwi salemba cheke.

Chikondi_Area47: Pepani kulowerera, invata ya 5kVA yo ndi batire yake mukupanga bwanji? Ndikufuna ya kunyumba.