Pedulo ya kumanzere yakaniratu kumasuka, ndithandizeni

Chikondi M.
Abale anga odziwa njinga, ndithandizeni. Ndagula mapedulo atsopano chifukwa akalewo anasweka. Ya mbali ya tcheni yatuluka bwinobwino ndi sipanala ya 15. Koma ya kumanzere yakaniratu. Ndathira oyilo, ndamenya sipanala ndi hamala, ndafika poika paipi kuti mphamvu ichuluke, osasuntha ngakhale pang'ono. Pano pogwira sipanala payamba kudyeka. Mkono womwe pedulo imalowamo ndi wa aluminiyamu, ndipo mapedulowa sanachotsedwepo chigulireni njingayi. Kodi ndingodula basi?

Yamikani wa Njinga
Musadule kaye achimwene. Tandiuzani, mukuzungulizira mbali iti?

Chikondi M.
Momwe timamasulira bawuti iliyonse, mobwerera, motsutsana ndi mivi ya wotchi. Ndi mmene yatulukira inayo.

Yamikani wa Njinga
Ndiye siyani pomwepo, mukuimanga m'malo momasula, ndipo ndi paipiyo mwaimanga zedi. Pedulo ya kumanzere ili ndi mazinga otembenuka. Mukaima mbali ya kumanzere n'kuyang'anizana nayo, imamasuka mukazunguliza motsata mivi ya wotchi. Ngati za wotchi zikusokonezani, imikani njinga pa matayala ake, sipanala iloze m'mwamba, ndiye muikankhire ku tayala la kumbuyo. Zimenezi n'zofanana mbali zonse ziwiri: kumasula n'kumbuyo, kumanga n'kutsogolo. Kumanzere ndikunenaku ndi kwa munthu amene wakhala pa chishalo, mbali yopanda tcheni.

Tadala
Yanganso inasiya kuzungulira, ndinangotsegula kachivindikiro ka kumapeto n'kuika girizi m'mabering'i, mpaka lero ikuyenda.

Yamikani wa Njinga
Imeneyo ndi nkhani ina achemwali. Yanu inali kukana kuzungulira pansi pa phazi. Ya awa ikukana kutuluka mumkono.

Tadala
Oho, pepani, ndinawerenga mothamanga.

Mphatso K.
Zoona za mazingazo. Anapanga dala kuti ukamapalasa, pedulo ikamazungulira pa ekiselo yake izikoka ekiseloyo n'kumadzimanga yokha. Akanaika mazinga wamba kumanzere bwenzi ikugwa panjira.

Madala Gondwe
Kuti bwenzi ikugwa mwalondola a Mphatso, koma chifukwa chake si chimenecho. Tayesani nokha. Gwirani pedulo ya mbali ya tcheni pamodzi ndi ekiselo yake kuti zisazungulire, wina ayendetse mkono ngati akupalasa kupita kutsogolo. Muona kuti ikumasuka, osati kumangika. Ndiye kukoka kwa mabering'i kumamasula pedulo, mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake pedulo imene mabering'i ake agwirana nthawi zina imadzitulukira yokha munthu akupalasa. Mwayi wake ngwakuti mabering'i abwino amakoka pang'ono kwambiri.

Chimene chimamanga n'china. Ekiselo simadzaza bowo lake ndendende, pamatsala kampata kosaoneka ndi maso. Phazi limaponda pansi nthawi zonse, pamene mkono ukuzungulira. Choncho malo amene ekiselo ikutsamira m'bowomo amasuntha, kuzungulira bowo lonse pa kupalasa kulikonse. Chinthu chozungulira chikamagudubuzika m'kati mwa bowo lokulirapo, icho chimatembenukira kwina. Pangani mphete ndi chala chachikulu ndi cholozera, lowetsanimo bolopeni momasuka, yendetsani bolopeniyo mozungulira ikukhudza zala: muiona ikudzitembenuza mbali yotsutsana ndi kumene mukuiyendetsa. Mbali ya tcheni kutembenuka kumeneku kumamanga mazinga wamba. Kumanzere kukanawamasula, ndiye anawatembenuza kuti nakonso kuzimanga.

Mphatso K.
Madala, ndakayesa pa njinga yanga, yamasukadi. Koma za kampata kosaonekako mutu ukukana. Chinthu chomanga zolimba chigudubuzika bwanji?

Madala Gondwe
Sichigudubuzika ngati tayala, chimangosuntha pang'ono kwambiri, koma kambirimbiri. Mukadzachotsa pedulo pa mkono wa aluminiyamu umene wayenda zaka, yang'anani pakamwa pa bowo. Mupeza padyeka mozungulira pomwe phewa la ekiselo limatsamira. Chikanakhala chosasuntha sipakanadyeka.

Chikondi M.
Zikomo akuluakulu. Ndayesa kukankhira kumbuyo monga mwanenera, ikukanabe, ndiponso mkono ukumangozungulira nane. Sipanala yayamba kuterereka.

Yamikani wa Njinga
Ikaterereka kawiri katatu pogwirapo pakhala pozungulira, ntchito ikula. Mukugwiritsa sipanala yanji? Ngati ndi ya shifiting'i ichotseni, imatseguka pakamwa mukaika mphamvu. Pezani ya 15 yolowa mothina, makamaka yopyapyala yaitali yopangidwira mapedulo, chifukwa wamba nthawi zina imakhala yonenepa, siloweratu pakati pa pedulo ndi mkono.

Mkono kuti usathawe, chitani chonchi. Wa kumanzere uloze kutsogolo, ugone molingana ndi pansi. Wa mbali ya tcheni ukhala ukuloza kumbuyo, ndiye ikani chipika cha mtengo pansi pa nsonga yake. Lowetsani sipanala chogwirira chake chiloze kumbuyo, chikwere pang'ono pamwamba pa mkono. Mukachiponda pansi ndiye mukumasula. Sipanala ikakhala yaitali kuposa mkono, kapena mwaikapo paipi, mikono imafuna kubwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake chipikacho. Wina agwire njinga ndi mabuleki. Pondani ndi phazi pang'onopang'ono ndi thupi lonse, osadumphapo. Ikamasuka imamasuka mwadzidzidzi ndi kaphokoso, khalani mutagwira penapake.

Kwa amene ikuwavuta ndi ya mbali ya tcheni, yambani mwakweza tcheni pa giya yaikulu ya kutsogolo kuti iphimbe mano. Dzanja likaphonya limakagwera pamenepo.

Yang'ananinso kuseri kwa mkono, pomwe nsonga ya ekiselo imaonekera. Ena amakhala ndi kabowo ka alenikiyi ya 6 kapena ya 8. Ngati kalipo, ndi pogwira pena pabwino, bola mukolowolemo dothi kuti kiyi ilowe mpaka pansi. Chenjerani pamenepa, chifukwa mukayang'anira kuseri zonse zimaoneka zotembenuka. Musawerenge wotchi, ingotsatani lija lakuti chida chikaloza m'mwamba chipite ku tayala la kumbuyo.

Blessings
Ingootchani ndi gasi ase, chilichonse chimamasuka chikaona moto.

Madala Gondwe
Mkono ukanakhala wachitsulo ndikanavomera. Aluminiyamu safiira kuti akuchenjezeni, ndipo mukapyoza muyezo amafooka, mkono n'kudzathyoka munthu ataimirira pa mapedulo. Koma kutentha kumathandizadi, chifukwa aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, bowo limakula kuposa ekiselo. Ine ndimathira madzi owira pa nsonga ya mkono, ketulo yonse pang'onopang'ono, n'kuyesa pomwepo pasanazizire.

A Chikondi, oyilo munathira ndi uti? Wa injini ngolemera, salowa m'mazinga. Chimene chagwira pamenepo si kumanga kokha. Chitsulo ndi aluminiyamu zikakhala pamodzi popanda girizi, madzi n'kumalowa, pamamera dzimbiri loyera ngati ufa limene limadzaza mpata wonse. Thirani mafuta opopera omasulira mabawuti, akasowa palafini, mbali zonse ziwiri za bowo. Gonekani njinga kuti kuseri kwa mkonowo kuyang'ane m'mwamba mafuta atsike okha, igone usiku wonse. Dzimbiri loyerali mafuta salisungunula kwenikweni, ndiye musadalire iwo okha, muwonjeze madzi otentha aja ndi paipi.

Blessings
Ine ndaotchapo yambiri ya aluminiyamu madala, palibe unathyoka. Kungodziwa polekera.

Madala Gondwe
Inu mumadziwa polekera. Amene akufunsa kuti pedulo imamasukira kuti sangadziwe.

Esnart P.
Yanga pogwira sipanala panatheratu. Amene anandikonzera anachotsa mkono wonse pa njinga, anaphwasula pedulo kutsala ekiselo yokha, anaipala ndi tupa mbali ziwiri, anaimanga m'vayisi, ndiye anazunguliza mkonowo ataulowetsa m'paipi. Inatuluka. Ndangoti mudziwe kuti njira ilipo ngakhale padyeke.

Chikondi M.
Yatuluka! Inagona ndi mafuta, m'mawa madzi owira, chipika pansi, sipanala yobwereka yothina ndi paipi. Inalira ngati chathyoka china. Koma m'mazinga a ekiselo mwatsalira tizidutswa toyera ta aluminiyamu. Mkonowu watha?

Yamikani wa Njinga
Zitengera kuchuluka kwake. Tsukani bowo ndi kaburashi ndi palafini, muyang'ane powala. Ngati adyeka ndi mazinga awiri oyamba okha, ena onse ali akuthwa, ugwirabe ntchito. Tengani pedulo yolembedwa L, ipakeni girizi, muilowetse kuchokera kuseri kwa mkono ndi zala kuti iwongole mazingawo, kenako muitulutse n'kuilowetsa koyenera. Ngati zilembo L ndi R sizikuoneka, imikani ekiselo muyang'ane mizere ya mazinga: ikamakwera chakumanzere ndi ya kumanzere, ikamakwera chakumanja ndi ya mbali ya tcheni. Musasinthanitse, R ikakakamizidwa kumanzere imadya bowo lonse.

Poyamba zungulizani ndi zala zokha, molowera kutsogolo, maulendo angapo. Ikalimba itangolowa ndiye yapendama, bwezani muyambirenso. Sipanala ibwere pomaliza, mumange zolimba koma popanda paipi.

Mukailowetsa pafupifupi yonse n'kuona kuti ikugwedera m'bowo, kapena pomanga ikungozungulira osafika polimba, musakwere njingayo. Pamenepo mpofunika mkono wina, kapena mmisiri amene ali ndi zida zoboola n'kuikamo kachitsulo ka mazinga atsopano, ndipo mumuuze kuti ndi ka kumanzere.

Mphatso K.
Girizi pa mazinga sapangitsa kuti imasuke panjira?

Madala Gondwe
Ayi. Ndi girizi imamangika bwino kuposa youma, ndipo madzi salowa. A Chikondi, mukayenda masiku oyamba muyesenso ndi sipanala ngati ikadali yolimba, poti mazingawo avulalapo kale. Mukamva kugogoda pansi pa phazi la kumanzere, tsikani muione nthawi yomweyo.