Ndithandizeni: pulogalamu ya zithunzi sikuwazindikira agogo akavala duku ndi magalasi

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ku Luchenza ndipo ndikusonkhanitsa zithunzi za agogo anga aakazi, amene anagwira ntchito yothyola tiyi ku Thyolo kuno zaka zambiri, kuti ndiwasindikizire buku akadali moyo. Ndikugwiritsa ntchito Google Photos pa foni ya Tecno.

Pa zithunzi 340, pulogalamuyi yawazindikira pa 90 zokha, makamaka zomwe nkhope ili poyera. Za mu 2020, nthawi ya korona, anavala masiki yobisa mphuno, pakamwa ndi chibwano, koma zingapo yazipezabe. Ndikuganiza kuti ndi chifukwa choti maso ndi nsidze zikuoneka. Zomwe yalephereratu ndi za atachitidwa opareshoni ya ng'ala: magalasi akuda, duku lofika m'nsidze. Chinanso ali m'munda wa tiyi, dengu kumsana, chipewa chaponya mthunzi mpaka pamphuno. Chomwe chandiwawa n'chakuti zithunzi ziwiri za duku yaziika pa dzina la mng'ono wawo, amene anatisiya kale.

Ndayesa kuwalitsa zithunzi, ndadulanso kuti nkhope ikule, osathandiza. Ndimafuna kulemba dzina lawo pamanja, koma pa za magalasizo pulogalamuyi sikuona n'komwe kuti pali nkhope, ndiye palibe poti ndidine.

Kodi ndikaionjezera zithunzi zina atavala duku maso ali poyera, ingayambe kuwazolowera? Nanga ilipo pulogalamu ya pakompyuta yondilola kuzungulira nkhope ndekha n'kuipatsa dzina? Amene munayesapo, ndithandizeni chonde.