Ndagwira ntchito kunja masiku 174, kodi msonkho ndikhome kuti?

Wofunsa (wabisa dzina): Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndine wowotcherera zitsulo. Ndinapeza kontalakiti kunja, ndinalowa m'dzikolo pa 10 Epulo n'kutuluka pa 30 Seputembala. Ndawerenga pa zidindo za m'pasipoti, akukwana masiku 174. Mayi akunyumba ndi ana anatsala kwathu, ine ndinkagona m'chipinda cha kampani. Anzanga ankati ukapanda kukwanitsa masiku 183 sukhoma msonkho, koma mwezi uliwonse ankandidula. Pano ndamva kuti kwathunso ndiyenera kuulula ndalamazi. Ndiye andidule kawiri? Ndibwereranso pa 15 Januwale, ndikufuna ndimvetse ndisanasaine.

Woyankha woyamba: Achimwene, akuberani amenewo. Lamulo ndi masiku 183 basi, inu munaperewera ndi 9. Lembani kalata akubwezereni.

Woyankha wachiwiri: Ngati chitupa chanu ndi chogwirira ntchito chabe, osati chokhalira m'dzikomo, sangakuwerengeni ngati wokhala kumeneko.

Mayi wowerengera ndalama: Bambo achiwiriwa, chitupa ndi nkhani ya olowa ndi otuluka. A msonkho ali ndi muyeso wawo, ndipo munthu wa chitupa cha miyezi yochepa akhoza kugwidwa nawo. Bambo ofunsa, anakulembani ntchito ndani, kampani yakwanu kapena yakomweko?

Wofunsa: Yakomweko mayi. Kontalakiti ndinasainira konko, malipiro amachokeranso konko.

Mayi wowerengera ndalama: Ndiye sanakubereni. Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba, ndi dziko liti limene limakuwerengani kuti ndinu wokhala m'menemo pa nkhani ya msonkho? Lachiwiri, thukuta lanu linagwera kuti? Dziko limene mwagwiriramo ntchito lili ndi mphamvu yodula malipiro a ntchitoyo ngakhale musakhale wokhalamo.

Zija za 183 zimapezeka m'mapangano a maiko awiri opewa kukhometsa munthu kawiri, ndipo kuti musadulidwe kumene mwagwirako ntchito zimafuna zinthu zitatu pamodzi: musapitirire masiku 183, wokulembani asakhale wa m'dzikolo, komanso malipiro anu asachokere ku nthambi yake ya konko. Chimodzi chikasowa, zagwa zonse. Kwa inu chachiwiricho chasowa, choncho ngakhale mukanagwira mwezi umodzi akanadulabe.

Funso loyambalo dziko lililonse limayankha ndi lamulo lake, ena amawerenga masiku, ena amaona kumene moyo wanu unakhazikika. Maiko onse awiri akakukanganirani, pangano limayamba ndi kufunsa kumene muli ndi nyumba yokhazikika. Ngati ili konsekonse, amaona kumene kuli banja ndi chuma chanu, kenako kumene mumakhalitsa, unzika umabwera pambuyo. Chipinda chimene mumabweza kiyi kontalakiti ikatha n'chovuta kuchitcha nyumba yokhazikika. Mmene ndikuonera, inu ndinu wakwanu.

Wofunsa: Ndiye kwathu ndilipirenso yonse?

Mayi wowerengera ndalama: Kawirikawiri ayi, amachotserapo imene munakhoma kale. Tiyerekeze kuti pa 100 iliyonse kunja anadula 15, pamene kwanu akanadula 25. Muwonjezera 10 yokha. Koma kunja akadula 30, kwanu simulipira kanthu, ndipo 5 yapamwambayo sakubwezerani. Sachotsera ndi pakamwa, amafuna chikalata chosonyeza msonkho umene unadulidwa. Chitengeni ku kampani musanasiyane nayo.

Woyankha wachinayi: Pa kawerengedwe ka masiku pomwepo ndi pamene ndinapsa ine. Inanditumiza ndi kampani yakwathu, ndiye ndinkayenera kupulumuka. Ndinkawerenga masiku ogwira ntchito okha, osadziwa kuti Loweruka, Lamlungu, tsiku lofika, tsiku lonyamuka, onse amalowa. Anandipeza ndi 191, msonkho anauwerengera kuyambira tsiku loyamba, osati pa masiku 8 owonjezerawo. Mpaka lero zimandiwawa.

Mayi wowerengera ndalama: Pepani bambo, ambiri amagwera pomwepo. Bambo ofunsa, Januwale uja mumuyang'anitsitse. Malamulo ena amawerenga miyezi 12 iliyonse yotsatizana, osati chaka cha pakalendala. Mukalowa pa 15, pofika pa 24 Januwale mwakwanitsa 184 kuchokera pa 10 Epulo. Ngati dzikolo limawerenga choncho, likhoza kuyamba kukutchani wokhalamo, n'kufunsanso za ndalama zimene mumapeza kwanu, monga za lendi. Apo ndiye mudzafune chikalata cha a msonkho akwanu chotsimikiza kuti ndinu wawo.

Woyankha woyamba: Chabwino ndagonja pa 183. Koma pali maiko amene sakhometsa n'komwe malipiro a ntchito yogwirira kunja. Mwina mkuluyu kwawo alibe ngongole.

Mayi wowerengera ndalama: Apo mwanena zoona. Sanatchule maiko ake, ndiye sindingagamule. Ndipo ngati maiko awiriwo alibe pangano, zonse ndanena za nyumba ndi banja sizigwira, patsala lamulo la dziko lililonse palokha.

Wofunsa: Zikomo nonse. Koma mapepala a malipiro a Juni ndi Julaye ndinataya, ndangotsala ndi uthenga wa ku banki. Kodi umenewo angaulandire, kapena ndilembere kampani isanafike Januwale?