Pulinta ija yalumikizika pa wayifayi

"Ndagula pulinta koma m'katoni mulibe chingwe cha ku laputopu, ndipo sikuona wayifayi ya kunyumba kwathu kuno ku Dedza. Nditani?" Limeneli linali funso langa sabata yatha.

Zatheka abale anga, ndipo achimwene amene munatchula za rauta aja, munalasa. Ine ndinkalimbana ndi pasiwedi, osadziwa kuti rauta yathu imatulutsa netiweki ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, zonse pa dzina limodzi. Pulinta yangayi, monga zambiri zotsika mtengo, imamva ya 2.4 GHz yokha.

Ndinalowa m'makonzedwe a rauta ndi kuzimitsa kaye ya 5 GHz. Kenako ndinadina batani la wayifayi pa pulinta mpaka kagetsi kanayamba kuphethira, n'kuthamangira kukadina batani la WPS pa rauta, lolumikizira zipangizo popanda kulemba pasiwedi. Apa osazengereza, mphindi ziwiri zikatha mumayambiranso. Kagetsi kaja katasiya kuphethira, ndinasindikiza tsamba losonyeza za netiweki, ndipo panali adiresi 192.168.1.34. Mukaona yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti rauta sinaipatse adiresi, sizinagwirane.

Chimene sindinachiyembekeze n'chakuti magetsi atazima Lachinayi, atabweranso laputopu inangolemba Offline. Pulinta inali italandira adiresi ina, laputopu ikufunafuna yakale ija. Ndinabwereranso mu rauta, pa gawo la DHCP, lomwe limagawira zipangizo maadiresi, n'kuisungira pulintayo adiresi imodzi yosasintha. Ya 5 GHz ija ndaiyatsanso, koma ndaipatsa dzina lakelake.