"Ndimamupatsa phala": kodi mayiyu akumupatsabe kapena adaleka?

Wongoyamba kumene: Akuluakulu, ndithandizeni. Andipatsa timawu tating'onoting'ono toti ndimasulire m'Chingerezi, tikaikidwa m'munsi mwa kanema. Woyankhulayo ndi mayi amene wapita ndi mwana kuchipatala. Kanemayo sanandipatse, angonditumizira zolemba. Ziganizo zitatu izi zandizunguza mutu:

Mwana watentha thupi.
Ndimamupatsa phala.
Mankhwalawo ndamumwetsa m'mawa.

Ine ndalemba "The child has become hot", "I give him porridge" ndi "The medicine I have given him in the morning". Wowunika wabweza zonse, akuti sizikumveka ngati Chingerezi. Koma nthawi ya aneni ndasunga bwinobwino.

Mkulu wa m'kalasi: Wowunikayo akungokuvutitsani achimwene. Ife tinaphunzira kuti "wa-" ndi "nda-" ndiye "has" ndi "have". Chachitatucho mungotembenuza, muyambe ndi wochita: "I have given him the medicine in the morning". Basi.

Mayi wa kukhoti: Zotembenuzazo mwalasa aphunzitsi, koma "have" achoke. Ife timatha kunena kuti "ndamumwetsa m'mawa" kapena "wafika 6 koloko", chifukwa chinthu chochitika lero lomwe timachinena choncho. Chingerezi sichilola "have" kukhala limodzi ndi nthawi yoti yatha kale. Mayiyo ngati akuyankhula masana, lembani "I gave him the medicine this morning".

Choyambacho ndiye msampha umene ndimaona tsiku ndi tsiku. Pali aneni ena oti maonekedwe ndi a chinthu chochitika kale, koma akunena mmene zilili panopa. Munthu akati "ndatopa" sakufotokoza mbiri, watopa pomwepo. Chimodzimodzi "ndakhuta", "wagona", "chawola". Ndiye mayi akati mwana watentha thupi, akuuza namwino vuto limene wabwera nalo: "The child has a fever". Njira yanga yoyesera ndi iyi: onjezani mawu oti "panopa" kumapeto. Chiganizo chikamveka bwino osasintha tanthauzo, m'Chingerezi chipite mu nthawi ya tsopano.

Wa zolengeza malonda: Ine vuto langa lili pa phala. Mzungu akamva "porridge" amaganiza china, osati phala lathu la mgaiwa. Mwezi watha ndinalimbana nazo tsiku lonse pa chilengezo cha ufa wa ana.

Wongoyamba kumene: Zikomo achemwali, koma phalalo wowunika sanalikhudze. Wazunguliza "give".

Mayi wa kukhoti: Wazunguliza pomwe pali nkhani. "Ndimamupatsa" papepala ndi mawu amodzi, koma pakamwa ndi awiri. Mukakweza mawu pa "ndi", mukunena chizolowezi, zoti mumachita masiku onse, ndipo "I give him porridge" wanuyo ali bwino. Mukayamba motsitsa n'kukakweza mutadutsa "ma", mukunena zimene zimachitika nthawi yapitayi: "I was giving him porridge". Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye papepala zonse zimafanana.

Kwa dokotala kusiyanako si kwamasewera. Koyambako mwana akudya. Kwachiwiriko mwina mayi akufotokoza zimene amachita pamene mwana anayamba kusanza, kapena kuti wasiya kudya. Pemphani kanemayo mumve ndi khutu lanu. Akakana, onani chiganizo cham'mbuyo ndi chotsatira. Mukapeza "tsiku lililonse", ndi chizolowezi. Mukapeza "ndiye anangoyamba kulira", ndi zakale. Akanati "ndinkamupatsa" bwenzi tonse tikugona tulo.

Mkulu wa m'kalasi: Za "have" ndavomera. Koma kutembenuza kuja kukundidandaulitsa tsopano, ngakhale ndinanena ndine. Mayiyo anayamba ndi "mankhwalawo" dala, ngati akuyankha funso loti nanga mankhwala aja. Tikayamba ndi "I", kutsindikako sikutayika?

Mayi wa kukhoti: Pang'ono kumatayika, inde. Koma kuyamba ndi chinthu chimene mukukamba kale, n'kuika "mu" kapena "wa" mkati mwa mneni, kwa ife ndi kuyankhula wamba. M'Chingerezi kumamveka ngati munthu akutsutsa zinazake. Gawo lina la ntchitoyo "the" waigwira kale, poti "-wo" wa "mankhwalawo" akuonetsa kuti ndi mankhwala odziwika. Ine kukhoti nthawi zina ndimawonjezera "as for", koma pa kanema malo ndi ochepa.

Mkulu wa m'kalasi: Ine ndikanasiyabe "As for the medicine" ngati namwino anafunsadi. Mawu awiri okha sangadzaze kanema.

Wongoyamba kumene: Ndayang'ana zolembazo. Funso la namwino sanalilembe n'komwe, ndipo chotsatira pa phala ndi "koma akukana". Kanema ndapempha, akuti mawa. Komanso ndangozindikira kuti "him" ndinangomulemba ndekha, paliponse sakunena ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Mayi wa kukhoti: "Koma akukana" sakutithandiza, akhoza kutsatira onse awiri. Dikirani kanemayo, ndipo mukamamvetsera muone ngati pena atchula dzina la mwanayo.