Za inki yosachedwa kutha ija, nabwera ndi zotsatira

Funso langa linali ili: "Katiriji ya inki yakuda ikutha ndisanafike masamba 150. Ndingatani kuti izikhalitsa?"

Zikomo nonse amene munayankha, makamaka achimwene amene munafunsa kuti ndimatsuka kangati mutu wa pulinta. Vuto linali pomwepo. Ndikangoona timizere toyera m'zilembo, ndinkathamangira pa Head Cleaning, mwina katatu motsatizana, osadziwa kuti kutsukako kumakoka inki n'kuitayira m'kathonje ka mkati. Pano ndimayamba ndi Nozzle Check, yomwe imasindikiza mizere yoonetsa ngati timabowo ta mutu tatsekeka. Mizere yake ikatuluka yosaduka, sinditsuka.

Timabowo ta mutuwo tinkauma chifukwa cha ine ndemwe. Ndinkazimitsira pulinta pasoketi, pomwe ukazimitsa ndi batani lake, mutu umabwerera pamalo pake n'kutsekedwa kuti mpweya usaumitse inki. Magetsi akathima ili mkati mosindikiza, ndimaiyatsa akangobwera kuti mutuwo ukakhale m'malo. Ndimasindikizanso tsamba limodzi sabata iliyonse, ngakhale ndilibe ntchito.

Manotsi a ana ndimawatulutsa pa Draft, yomwe imagwiritsa ntchito inki yochepa. Katiriji ya K30,000 inkandipatsa masamba 150, ndiye K200 tsamba limodzi, osawerengera pepala. Yapanoyi yafika masamba 240, kutanthauza K125.

Koma Draft musaigwiritse ntchito pakalata yofunsira ntchito, zilembo zimatuwa. Za kuthira inki ndi jakisoni ndinayesa kamodzi, ndinadzaza kwambiri ndipo inadontha pamapepala. Amene mukufuna kuyesa, thirani pang'onopang'ono, ndiponso musadikire kuti katiriji iumiretu.