Gulu la banja: shuga wa Amayi tisanapite nawo kuchipatala

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse? Ndangowayeza Amayi, kamakina kalemba 11.8. M'mawa asanadye kanalemba 6.1. Mtima wanga suli m'malo.

Achimwene Yamikani: Eee, wakwera kwambiri ameneyo. Bwanji madzulo ano asadye kuti atsike?

Mayi aang'ono: Ayi Yamikani, zimenezo musayese. Chisomo mwana wanga, anayamba kudya nthawi yanji, ndipo iwe wabaya chala nthawi yanji?

Chisomo: Anayamba 12:30, ine ndabaya 1:05.

Mayi aang'ono: Wafulumira. Pamphindi 35 shuga amakhala akadali kukwera. Timayeza pakadutsa ola limodzi kapena awiri, ndipo timawerenga kuchokera pomwe munthu wayamba kudya, osati pomwe wamaliza. Ife tigwirizane za maola awiri kuti manambala azifanizirika. Dikira 2:30, asambe m'manja ndi sopo, aume bwino, uyezenso. Chala chikakhala ndi zotsekemera, monga madzi a chipatso, nambala imakwera mwabodza.

Malume: Achemwali, inu ndinu anamwino, tiuzeni manambala enieniwo. Aliyense pano akulankhula zake.

Mayi aang'ono: Kwa akuluakulu ambiri a shuga wa mtundu wachiwiri, amene si oyembekezera, asanadye akhale pakati pa 4.4 ndi 7.2. Atadya asafike pa 10.0. Ndiye 6.1 ya m'mawa ija ili bwinobwino. Madokotala ena amafuna kuti atadya akhale pansi pa 8.5, pomwe kwa okalamba kwambiri kapena odwala matenda ena amakweza malirewo pang'ono poopa kuti shuga angatsikitse. Lachinayi likudzalo tikafunse dokotala atilembere malire a Achemwali enieni.

Malume: Nanga kanga kamalemba 148 ndikadya? Ndiye kuti ine ndatheratu?

Mayi aang'ono: Ayi Achimwene, yang'anani tizilembo tili pambali pa nambalayo. Kanu kamawerenga mu mg/dL, ka Achemwali mu mmol/L. Gawani ndi 18. 148 kugawa ndi 18 ikupereka 8.2, ndiye muli mkati. Pa kamakina kanu malire ndi 80 mpaka 130 musanadye, ndi pansi pa 180 mutadya.

Malume: Mwandimasula. Ndimafuna kubwereketsa kangako kuti tizisinthana.

Mayi aang'ono: Zikomo, koma sabata ino tigwiritse kamodzi kokha, tingasokoneze dokotala.

Achimwene Yamikani: Ine sindinamvebe. Kudumpha chakudya kuli ndi vuto lanji poti shuga ndi wokwera?

Mayi aang'ono: Amayi ako amamwa metifomini ndi gilibenkilamaidi. Metifomini payekha satsitsa shuga mopyola kawirikawiri. Koma gilibenkilamaidi amakakamiza thupi kutulutsa insulini, yomwe imatsitsa shuga, kaya munthu wadya kaya sanadye. Akamwa n'kugona ndi njala, shuga angagwe usiku aliyense ali mtulo. Ine 3.5 imandiopsa kuposa 11.8 ya kamodzi, chifukwa shuga wotsika angakomole munthu usiku womwewo. Pansi pa 3.9 ndiye watsika. Mudzawaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda, mwina akuyankha zosagwirizana.

Alamu Tadala: Zikatero ndichite chiyani? Usiku ndimakhala nawo ndine.

Mayi aang'ono: Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani shuga wokwana magalamu 15 m'madzi, ndiwo masupuni aang'ono 4 osadzaza, amwe. Pakatha mphindi 15 muyezenso. Akakhalabe pansi pa 3.9 mubwereze, akakwera adye chakudya. Ndi mankhwala amenewa shuga amatha kugwanso pakapita maola, choncho muwadziwitse a chipatala ngakhale atapeza bwino. Akakomoka musawathire kanthu kukamwa, thamangani nawo kuchipatala.

Chisomo: 2:30 yakwana. Asamba m'manja, ndayeza. 9.3.

Achimwene Yamikani: Pepani, ndikanawagoneka ndi njala pachabe.

Mayi aang'ono: Palibe kanthu, umawafunira zabwino. 9.3 ili pansi pa 10.0, koma ili pafupi, ndiye tisangokhala phee. Tiyeze masiku 7, kawiri patsiku: asanadye, ndi maola awiri atayamba kudya chakudya chomwecho. Mawa kadzutsa, mkuja nkhomaliro, tsiku linalo chamadzulo, kenako tiyambirenso. Dokotala akaona choncho adzadziwa chakudya chimene chikukweza shuga. Akamapyola 10.0 masiku angapo, kapena m'mawa akamaposa 7.2, osintha mankhwala ndi dokotala, osati ife.

Chisomo: Kadzutsa ndi nkhomaliro ndiyeza ine. Ndizilemba m'kope tsiku, nthawi yoyamba kudya, nthawi yobaya ndi nambala.

Alamu Tadala: Chamadzulo ndi changa.

Achimwene Yamikani: Timapepala toyezera tatsala tingati?

Chisomo: 9 tokha.

Achimwene Yamikani: Tikufunika 14, ndi tina tapadera ta usiku. Ndigula kabotolo kena mawa. Unditumizire chithunzi cha kamakinako kuti ndisagule tosalowa.

Mayi aang'ono: Uyang'anenso tsiku lothera ntchito pa kabotoloko, Yamikani. Lachinayi ndiwaperekeza ndine, Chisomo usaiwale kundipatsa kopelo.